Katundu Wogulidwa Sabwezedwa: Chikwangwanichi Chili ndi Mphamvu Yanji?



Lowani m'sitolo ya zipangizo zamagetsi ku Limbe, ku Malangalanga mu Lilongwe, kapena pa tauni yaing'ono iliyonse m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kwezani maso pamwamba pa kauntala. Kawirikawiri pamakhala kapepala komatidwa ndi selotepu, kapena mawu odindidwa m'munsi mwa lisiti, onena kuti katundu mukagula sabwezedwa. Ambirife timawerenga mawuwo ngati lamulo. Chinthu chikakafa kunyumba timangodziguguda pamtima n'kunena kuti ndagwa nayo.

Mawu amenewo si lamulo ayi. Kunena zoona, wogulitsa amene akukana kulandira katundu wowonongeka potsamira kapepala kameneko ndiye amene akuphwanya lamulo. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 1998 linaika kale mchitidwe wodzichotsa pa mlandu wa katundu wowonongeka m'gulu la malonda achinyengo, ndipo lamulo latsopano limene linalowa m'malo mwake, loyamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024, silinafewetse chilichonse pamenepa. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo lakale la kagulitsidwe ka katundu, limene limati munthu amene bizinesi yake ndi yogulitsa katundu wa mtundu wina, akakugulitsani, ndiye kuti walonjeza kuti katunduyo ndi wogwira ntchito yake ndiponso ndi wofanana ndi mmene wamufotokozera, ngakhale lonjezolo sanalitchule ndi pakamwa.

Komatu tisathamange. Si chilichonse chimene mungabweze. Kuti tione pamene pali malire, tiyeni titsate nkhani imodzi kuyambira pa kauntala mpaka kumapeto. Ndi yongoyerekeza, koma amene munagulapo zipangizo za sola muizindikira.

Tiyerekeze kuti mayi wina, mphunzitsi wa pa sukulu ya kumudzi kumene magetsi sanafike, wasunga ndalama ndipo wapita ku tauni kukagula batire la sola. Pa batirelo palembedwa 12V ndi 100Ah. Mnyamata wa m'sitolo akuti, "Mayi, ili ndi la handiredi lenileni, TV muonera mpaka tulo." Mayi walipira, tinene K250,000, wakweza batire pa kabaza, ulendo wa kwawo. Usiku woyamba zonse zili bwino pang'ono. Usiku wachitatu, nkhani za 8 koloko zisanathe, TV yazima ndipo mababu akungofiira.

Tisanafike kwa a malamulo, tiyambe tawerengera, chifukwa mkangano wa mtundu uwu umapambanidwa ndi masamu osati ndi kukweza mawu. Mukachulukitsa 12 ndi 100 mupeza 1,200. Imeneyo ndiyo mphamvu yonse imene batire lotere liyenera kusunga: likhoza kuyatsa chinthu cha wati imodzi kwa maola 1,200, kapena cha mawati 100 kwa maola 12. Mabatire a asidi safuna kukamulidwa mpaka kuuma, ndiye akatswiri amalangiza kugwiritsa ntchito theka lokha, lomwe ndi 600. Mayi uja ali ndi TV ya mawati 40 ndi mababu anayi a mawati asanu lililonse. Zonse pamodzi ndi mawati 60. Mukagawa 600 ndi 60 mupeza maola khumi. Choncho batire la 100Ah lodzaza bwino liyenera kumufikitsa mayiyu kuyambira 6 koloko madzulo mpaka atambala oyamba. Lake likufa pa maola awiri.

Akabwerera kusitolo, yankho loyamba limene akalimve ndikhoza kulilosera ndili pompano: "Mayi, vuto ndi sola yanu, siikudzaza batire." Ndipo ndisanamizire wogulitsa, nthawi zina amakhala akunena zoona. Sola ya mawati 50 pa tsiku la dzuwa labwino imabweretsa mphamvu ya pafupifupi 200 pa muyeso uja tinapeza 1,200. Ngati mukutapa 600 usiku uliwonse n'kumabwezeramo 200 masana, batire lililonse, ngakhale labwino chotani, lidzagwada pasanathe sabata. Pamenepo wolakwa si wogulitsa batire, pokhapokha ngati ndi iye yemweyo amene anasankhira mayiyo sola ndi batire, atauzidwa zimene zikayatsidwe kunyumbako. Zikakhala choncho nkhani imatembenuka, chifukwa lamulo limati wogula akanena ntchito imene akufunira chinthu n'kudalira nzeru za wogulitsa, chinthucho chiyenera kuikwanitsa ntchitoyo. N'chifukwa chake pogula si bwino kungoti "ndipatseni batire lija." Nenani zimene mukufuna kuyatsa ndi maola ake, wogulitsa avomereze, ndipo ngati n'kotheka azilembe pa lisiti.

Nanga tidziwa bwanji ngati vuto ndi sola kapena batire? Njira yoyamba ndi sikelo. Batire la asidi limasunga mphamvu m'mtovu umene uli m'kati mwake, ndipo mtovu ndi wolemera. La 100Ah lenileni limalemera pakati pa makilogalamu 25 ndi 30 kapena kupitirirako pang'ono, kuposa theka la thumba la feteleza. Ngati mayi uja analinyamula ndi dzanja limodzi popanda kupuma, ndipo pa sikelo ya ogula soya likuonetsa makilogalamu 12, ndiye kuti nambala yolembedwa pa chikwama chakecho ndi yabodza. Mabatire a lifiyamu okha ndiwo amapepuka chotero, koma amenewo mtengo wake ndi wina ndipo amalembedwa kuti ndi a lifiyamu. Kulemera pakokha sikutsimikizira kuti batire ndi labwino, popeza lakale lotsukidwa n'kumatidwa pepala latsopano limalemeranso chimodzimodzi. Koma kupepuka kumagwiritsa wabodza nthawi yomweyo.

Njira yachiwiri imafuna kuleza mtima. Batirelo lipite kwa otchaja mabatire pa magetsi, lidzaze mpaka pakamwa. Likapuma maola angapo, mita yoyezera iyenera kuonetsa mavoluti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Kenako mulumikizepo babu limodzi la kutsogolo kwa galimoto, la mawati 55, ndipo muyang'ane wotchi. Batire la 100Ah liyenera kukhala likuwalitsabe babu limenelo bwinobwino patapita maola khumi. Likafooka pa maola atatu, sola ilibenso mlandu, popeza sinalowe nawo m'mayesowo. Mayi alembe nthawi yoyambira ndi yothera, ajambule ndi foni, ndipo wotchajayo akhale mboni.

Tsopano ali ndi milandu iwiri m'manja, osati umodzi. Woyamba ndi wa katundu wosagwira ntchito yake. Wachiwiri ndi wa kunamiza wogula. Apa ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Wamalonda akamafuula kuti "sopo uyu ndi woposa onse," kapena "nsapato iyi ndi ya mabwana," kumeneko ndi kukometsa malonda chabe, ndipo palibe khothi limene lingataye nthawi nazo. Koma akatchula chinthu choyezeka, monga 100Ah, makilogalamu 50, malita asanu, kapena kuti foni iyi ndi yatsopano pamene ndi yokonzedwa, kapena kuti yachokera dziko lakuti pamene siinachokereko, wanena mfundo imene ikhoza kukhala yoona kapena yabodza. Ikapezeka yabodza ndi mlandu, kaya inanenedwa pa wailesi, pa chikwangwani, pa chikwama cha katunduyo, kapena pakamwa pa mnyamata wa pa kauntala. Kutsatsa malonda si kwa makampani akuluakulu okha. Kapepala kolembedwa ndi makala kuti "mtengo watsika" pamene sunatsike, nakonso ndi kutsatsa.

Mwini sitolo adzanena mawu ena amene ndimawamvetsa ndithu: "Ine sindipanga mabatire. Ndinangopikula, ndipo 100Ah yo ndinaipeza yolembedwa kale." Ambiri amene amanena zimenezi sakunama. Wogulitsa wamng'ono amaoda katundu kwa wamkulu, wamkuluyo anaitanitsa kunja, ndipo pa mzere wonsewo palibe amene anaika batire pa sikelo. Koma mayi uja sanachite malonda ndi fakitale ya kutsidya la nyanja. Ndalama zake anapereka pa kauntala iyi, ndipo amene analandira ndalamazo ndiye woyenera kuyankha. Mwini sitolo naye ali ndi ufulu wobwerera kumene anapikula kukafuna zake. Apa ndi pamene amalonda ang'onoang'ono ambiri amadzipweteka okha: amaoda katundu popanda lisiti pofuna kuti awatsitsire mtengo, ndiye tsiku la vuto alibe pogwira. Wogula akuwakoka malaya kutsogolo, kumbuyo wopikulitsa akuti sindikukudziwani. Mwa maganizo anga, kapepala koletsa kubweza katundu kaja kawirikawiri sikachokera ku nkhanza, kamachokera ku mantha a munthu amene akudziwa kuti iyenso alibe kobweza. Mantha amenewo ndi omveka, koma sangalipiridwe ndi mphunzitsi amene anasunga ndalama miyezi yambiri.

Ndiye mayiyu apemphe chiyani? Njira zake ndi zitatu: kukonzeredwa, kusinthiridwa ndi china chabwino, kapena kubwezeredwa ndalama. Pa batire limene nambala yake ndi yabodza, kukonza kulibe tanthauzo, popeza mtovu umene mulibe sangauonjezeremo. Kusinthiridwa ndi lina la m'bokosi lomwelo ndi kungosamutsa vuto, chifukwa mabatire obwera pamodzi amanama pamodzi. Chotsala ndi ndalama, kapena batire la mtundu wina loyesedwa pamaso pake. Ndipo ndalama zikhale ndalama. Kuuzidwa kuti "sankhani katundu wina wa mtengo womwewo" ndi chinthu chimene mayiyo angavomere mwa kufuna kwake, osati chokakamizidwa.

Asachedwe nazo. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu limati munthu akasunga chinthu nthawi yaitali osadandaula, amatengedwa kuti wachilandira, ndipo ufulu wochikana umatha, n'kutsala wongopempha chipukuta misozi. Pa batire kuchedwa n'koopsa kwambiri, popeza likakhala miyezi itatu likukamulidwa usiku uliwonse, ngakhale katswiri amavutika kusiyanitsa lobadwa lofooka ndi lophedwa ndi mwini wake. Asalitsegulenso, asathiremo asidi wina, asalipereke kwa wokonza kuti alichite opaleshoni. Akatero wapatsa wogulitsa chifukwa chokanira.

Malire ena ndi awa. Mukagula chitenje, n'kukafika kunyumba n'kuona kuti mtundu wake sukukusangalatsaninso, wogulitsa sakakamizidwa kukubwezerani kalikonse. Akatero ndi ulemu wake chabe. Foni mukaigwetsa m'madzi, imeneyo ndi yanu. Pa kaunjika, ngati malaya munawatembenuza nokha ndipo chibowo chinali poonekera, simungabwerere mawa kukalira nacho, chifukwa chilema chimene maso anu akanachiona poyang'ana lamulo silikutetezani nacho. Chimene lamulo limagwira ndi chilema chobisika ndi bodza.

Lisiti ndilo msana wa nkhani yonseyi. Lamulo la 2024 linaika kusapereka lisiti, kusaonetsa mitengo, ndiponso kusapereka galanti pa katundu wogwiritsidwa ntchito nthawi yaitali m'gulu la zolakwa. Koma lisiti longolembedwa kuti "batire, K250,000" ndi lopunduka. Lilembedwe dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa batire, 100Ah yo, ndi miyezi ya galanti. Ngati lisiti palibe, nkhani siinafe. Uthenga wa pa foni wosonyeza kuti munalipira pa nambala ya sitoloyo ndi umboni, wa kabaza amene ananyamula katunduyo ndi mboni, kungoti njira imatalika.

Mwini sitolo akakanitsitsa, dandaulo limapita ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Kudandaula kumeneko sikulipiritsidwa ndipo sikufuna loya. Mufotokoze zimene munagula, kuti, liti, pa mtengo wanji, zimene munauzidwa, zimene munapeza, ndi chimene mukufuna kuti chichitike. Bungweli limamvanso mbali ya wogulitsa lisanagamule. Kale mano ake anali ogwedera. Lamulo la 1998 linkatchula chindapusa cha K500,000 kapena phindu limene wolakwa wapeza, ndi zaka zisanu kundende, koma mu 2023 Khothi Lalikulu, pa mlandu wa kampani ya Airtel imene bungweli linailipiritsa K2.1 biliyoni mu 2021, linagamula kuti CFTC payokha inalibe mphamvu yolipiritsa chindapusa. Lamulo latsopano linatseka mpata umenewo. Tsopano bungweli likhoza kulamula kuti ndalama zibwezedwe, katundu asinthidwe kapena achotsedwe pa msika, ndiponso kulipiritsa bizinesi mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yagulitsa pa chaka. Onani kuti ndi pa zogulitsa, osati pa phindu. Kwa sitolo yaing'ono imene phindu lake ndi lochepa kale, chindapusa chotere chikhoza kudya thukuta la chaka chonse chifukwa cha batire limodzi.

Ndinene mosabisa kuti njira imeneyi imathandiza bwino pa katundu wa ndalama zambiri. Munthu wa ku Nthalire kapena ku Makanjira amene wagulitsidwa tochi yakufa sangalondole nkhani mpaka ku Lilongwe, ndipo amalonda achinyengo amadziwa zimenezi. Kumeneko chimene chimagwira ntchito msanga ndi komiti ya msika ndi akuluakulu a khonsolo, amene amapereka malo ndi ziphaso za malonda. Tcheyamani wa msika akaitana wogulitsa pamaso pa anzake, ndalama zimatuluka mofulumira kuposa kalata.

Zonse ndanenazi ndi za katundu wokhumudwitsa thumba. Pali gulu lina la katundu limene kubwezeredwa ndalama sikukwanira, mwinanso kumaipitsa zinthu. Mwagula chitini cha nsomba chotupa, kapena mkaka wa ana umene tsiku lake lafufutidwa n'kudindidwanso lina pamwamba. Mwabwerera, mwini golosale wapepesa, wakubwezerani ndalama, mwachoka mukumwetulira. Chitini chija chapita kuti? Nthawi zambiri chabwerera pa shelefu, kudikira wina wosayang'anitsitsa, amene mwina ndi mwana wotumidwa.

Chitini chotupa ndi chizindikiro choti m'kati muli mpweya wosafunika, ndipo kawirikawiri umachokera ku tizilombo timene tikuswana. Tina mwa tizilombo timeneti timatulutsa poizoni wopha, ndiye chotere sichilawidwa n'komwe. Pa masiku, yang'anani zilembo. Pamene palembedwa BB, wopanga akunena kuti tsikulo likapita kukoma ndi ubwino zimayamba kutsika. Pamene palembedwa EXP, akunena kuti likapita musadye. Tsiku lenileni limadindidwa ndi makina pa paketi penipenipo, pamodzi ndi nambala ya gulu la katundu amene anapangidwa nthawi imodzi. Mukaona kapepala komatidwa pamwamba pa tsiku, kapena malo ofufutika pamene inki yakale yapukutidwa, dziwani kuti papita dzanja la munthu.

Choopsa koposa m'magolosale ndi m'maokala athu si chitini ayi, koma mankhwala ophera makoswe ndi anankafumbwe opimidwa m'timapepala topanda dzina, oikidwa shelefu imodzi ndi shuga ndi makeke. Abale athu amene ali ku Joni, ena mwa iwo ogwira ntchito m'timasitolo ta m'makomboni, akukumbukira zimene zinachitika ku Naledi, mu Soweto, mu Okutobala 2024. Ana asanu ndi mmodzi anamwalira, ndipo zoyesa zinaonetsa kuti chinawapha ndi mankhwala a kumunda otchedwa tebufosi, amene anthu ankawagula mozemba pophera makoswe. Mwezi wotsatira Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti timasitolo tonse totere tilembetse m'masiku 21. Kuno kwathu lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 limafuna kuti mankhwala otere akhale olembetsedwa ku bungwe lowayang'anira, ndipo wogulitsa akhale ndi chilolezo. Chifukwa chimene kupima m'timapepala kulili koopsa n'chosavuta kumva: botolo loyambirira limalembedwa dzina la poizoniyo, ndipo mwana akamwa, dzina limenelo ndi limene dokotala amafuna kuti adziwe chomupatsa. Kapepala kopanda dzina kamamusiya dokotala akungoganizira pamene nthawi ikutha.

Pa katundu wotere, musabweze zonse. Ngati munagula ziwiri, sungani chimodzi chosatsegula kutali ndi ana. Jambulani kutsogolo, kumbuyo, tsiku, nambala ya gulu, ndi shelefu imene munachipeza. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaumoyo ya khonsolo tsiku lomwelo, popeza iwo ali pafupi ndipo oyendera a khonsolo akhoza kulanda katunduyo. Zakudya ndi zipangizo zosakwanira muyezo, komanso masikelo obera, ndi za bungwe la MBS, lomwe lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira 1972. Mankhwala a anthu ndi a bungwe la PMRA. Ngati wina wadwala, pitani naye kuchipatala mutanyamula paketiyo, ndipo pemphani kuti zimene wadya zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa pofuna chipukuta misozi funso loyamba lidzakhala lakuti tidziwa bwanji kuti chamudwalitsa ndi chimenechi.

Nambala ya gulu ija musaipeputse. Ndi imene imathandiza oyendera kudziwa kuti makatoni ena opangidwa tsiku lomwelo anapita ku magolosale ati, kuti akawachotse onse. Ndipo inu a golosale, katundu wotere akabwezedwa, muikeni padera, lembani tsiku, ndipo m'bwezeni kumene munapikula mutanyamula lisiti lanu la oda. Wopikulitsa akakana kumulandira, inunso muli ndi ufulu wokadandaula ku MBS ndi ku CFTC ngati wina aliyense.